Kampani yandikaniza kafukufuku, kalata yopempha kusintha mutu ndiilembe bwanji?

Tiyamike: Anzanga, ndagwira njakata, mundithandize. Ndikuchita masitazi ndipo dizeteshoni iyenera kulowa pa 31 Okutobala. Mutu wanga ndi wokhudza mmene anthu aganyu pa fakitale ina yopanga zinthu zapulasitiki amanenera kwa mabwana akavulala pa ntchito. Propozo inadutsa mu Januwale, komiti ya ethikisi inandivomereza pa 11 Malichi. Ndinakonza zocheza ndi aganyu 20, kukhala m'fakitalemo masabata awiri ndikuonerera, komanso kuona buku lomwe amalembamo ngozi. Mu Novembala bwana woona za antchito anandiuza pakamwa kuti palibe vuto. Kalata yopempha chilolezo ku kampani ndinapereka pa 14 Malichi, ndinabwererako pa 2 ndi pa 23 Epulo, ndinaimba foni pa 9 Meyi, n'kuuzidwa kuti bwana uja anachoka. Pa 27 Meyi yabwera imelo ya mizere iwiri, akuti kampani siilola anthu akunja kuchita kafukufuku. Lero ndi pa 3 Juni ndipo supavaiza wanga sindinamuuze kanthu. Ndikufuna kusinthiratu mutu, ndichite za mmene mafoni amasokonezera maphunziro a ophunzira a pa yunivesite, popeza amenewo ndimawapeza mosavuta. Kalata yomwe ndalembera supavaiza ndi yapachingerezi koma ikunena izi:

"A Dokotala, ndikukhulupirira muli bwino. Ndikupepesa kwambiri chifukwa chokhala chete nthawi yaitali. Ndakumana ndi mavuto ambiri omwe sindikanatha kuwapewa ndipo mutu wanga wakanika. Ndikupempha modzichepetsa kuti mundilole kusintha mutu. Ndili ndi maganizo ena ndipo ndidzalandira malangizo aliwonse omwe mungandipatse. Chonde ndikhululukireni."

Ili bwino, kapena ndiwonjezere chiyani?

Mphatso: Pepani mchemwali. Koma kusintha supavaiza mu Juni si nkhani yamasewera. Ine ndinasintha, kalata inapita kwa mkulu wa dipatimenti, ndipo watsopanoyo anandibwezera chaputala choyamba kuti ndiyambirenso. Ngati sanakulakwireni chachikulu, piririrani.

Tiyamike: Ayi achimwene, supavaiza ndi yemweyo ndipo ndi munthu wabwino. Ndikufuna kusintha mutu wa kafukufuku.

Mphatso: Oho, ndinawerenga mothamanga. Pepani.

Kondwani: Ine ndikuona ngati mukudzivutitsa. Aganyuwo sagona m'fakitale. Akaweruka aimireni panja pa geti, mutenge manambala, mucheze nawo kumapeto kwa sabata. Kampani ili ndi mphamvu pa malo ake, osati pa pakamwa pa munthu. Ndiponso simukusowa anthu 20. Pali kafukufuku wa a Guest ndi anzawo wa 2006 yemwe anapeza kuti ukafika pa anthu 12 mfundo zatsopano zimakhala zitatha. Pezani 12, malizani, supavaiza asadziwe n'komwe kuti panali vuto.

A Chisale: A Kondwani, pa mfundo yoti munthu wamkulu ali ndi ufulu wolankhula za moyo wake kunja kwa ntchito, mwanena zoona. Pa zinazo ndikutsutsani, ndipo ndikulankhula ngati munthu amene ndayang'anirapo ophunzira a masitazi komanso kukhalapo mu komiti ya ethikisi. Komiti sivomereza mutu wokha. Imavomereza njira: anthu muwapeza kuti, awaitana ndani, fomu yachilolezo ikunena chiyani. A Tiyamike analemba kuti adzadutsa ku ofesi ya kampani. Akakaima pa geti, akuchita kafukufuku yemwe palibe anamuvomereza. Ndipo taganizirani waganyu uja. Mlonda wamuona akupereka nambala kwa munthu amene kampani inamukana sabata yatha. Waganyu sachotsedwa ndi kalata, amangouzidwa kuti mawa kulibe ntchito. Amene angapweteke poyamba ndi iyeyo.

A Tiyamike, tisanakhudze kalata, ndiyankheni. Zolinga za kafukufuku wanu ndi zingati ndipo zikunena chiyani? Chaputala chachiwiri munamaliza? Komiti ya ethikisi inatenga nthawi yaitali bwanji ulendo woyamba?

Tiyamike: Zolinga ndi zitatu. Choyamba, kufotokoza njira zomwe aganyu amatsata akavulala. Chachiwiri, kupeza zomwe zimawalepheretsa kunena. Chachitatu, kuyerekeza zomwe iwo akunena ndi zomwe zili m'buku la ngozi la kampani. Chaputala chachiwiri ndinamaliza, chili ndi mawu pafupifupi 9,000 ndipo a Dokotala anachivomera. Komiti inatenga masabata 7.

A Chisale: Ndiye mutu wanu sunafe. Chafa ndi cholinga chachitatu ndi kuonerera kwa masabata awiri kuja, chifukwa ziwirizo zimafuna kuti mulowe m'fakitale. Cholinga choyamba ndi chachiwiri zili m'mitu ya anthu, ndipo anthuwo mungawapeze kudzera pa khomo lina. Ophunzira ambiri akakanidwa malo amati "ndisinthe mutu", pomwe chofunika kusintha ndi malo, kapena anthu ofunsidwa, kapena njira yotolera deta. Kusinthiratu mutu ndi komaliza, ndipo ndi kodula kuposa zonse.

Tiyeni tiwerenge masabata chobwerera m'mbuyo. Kuchokera lero kufika pa 31 Okutobala ndi masabata 21. Supavaiza mum'patse masabata 3 owerenga dizeteshoni yonse, inu 2 okonza zomwe wanena. Atsala 16. Kulemba chaputala cha zomwe mwapeza ndi chozikambirana, masabata 4. Atsala 12. Kusanthula deta, masabata 3. Atsala 9. Tsopano pali ntchito yomwe anthu amaiiwala, yosandutsa mawu ojambulidwa kukhala zolembedwa. Ola limodzi la macheza limadya maola 4 mpaka 6 polilemba, ndipo ngati mukumasuliranso kupita ku Chingerezi amaposa pamenepo. Anthu 15 pa maola 5 aliyense ndi maola 75. Mukamacheza ndi anthu uku mukulemba, zonse pamodzi ndi masabata 6 ngati palibe wakuzembani. Atsala 3. Masabata atatu amenewo ndiwo okha omwe muli nawo a zilolezo zonse.

Ikanipo mutu wa mafoni uja. Propozo yatsopano, kuwerenga mabuku atsopano chifukwa mawu 9,000 aja sagwiranso ntchito, dipatimenti ivomereze, kenako komiti ya ethikisi kuyambira pachiyambi, masabata 7 ena. Sizikwana m'masabata 3, ngakhale mutasiya kugona. Komanso ophunzira a pa yunivesite nawo ali ndi mwini khomo. M'malo ambiri muyenera kupempha chilolezo kwa akuluakulu a sukulu musanagawe mafunso. Ndipo supavaiza wanu anakutengani chifukwa amadziwa za antchito. Mukamupititsira za mafoni, atha kunena kuti si mbali yake.

Tiyamike: Masabatawo sindinawawerenge choncho. Ndinkangoona kuti Okutobala ali kutali. Ndiye khomo linalo ndi liti?

A Chisale: Limeneli mukulidziwa ndinu kuposa ine. Ndani amene amakumana ndi aganyu ovulala, koma sadya malipiro a kampaniyo?

Tiyamike: Pali bungwe la antchito a m'mafakitale. Mlembi wake ndinacheza naye pomwe ndinkalemba propozo, anandipatsa timabuku tawo. Anati ali ndi mndandanda wa anthu omwe anabwera kudzadandaula atavulala, ambiri anasiya kale ntchito.

Nabanda: Ndilowererepo apa, chifukwa ine ndinadutsa m'zomwezi ndipo ndinalakwitsa zomwe mukufuna kulakwitsa. Wanga unali wa anamwino pa chipatala china, nkhani ya mmene amapatsirana odwala posinthana ntchito usiku. Mkulu wina anandiuza kuti kalata ituluka sabata yamawa. Ndinadikira miyezi inayi. Lachiwiri lililonse ndinkakhala pa benchi kunja kwa ofesi yake, envulopu ili pamiyendo, mpaka sekilitale anandizolowera, akangondiona amapukusa mutu ndisanafike n'komwe pa tebulo. Nthawi yonseyo supavaiza akandifunsa ndinkati zikuyenda. Tsiku lomwe ndinaulula, funso lake loyamba linali lakuti, "Munadziwa liti?" Sanakwiye chifukwa chipatala chakana. Anakwiya chifukwa iye ankadziwana ndi mkulu wa chipatala china ndipo akanandilowetsa kumeneko mu mwezi woyamba. Ndinamaliza patapita chaka chathunthu anzanga atavala kale mikanjo. Inuyo muli ndi mwayi umodzi umene ine ndinalibe: akukanani polemba. Imeloyo musaifufute, ndi umboni wanu. Ine ndinalibe pepala lililonse loonetsa kuti ndinayesetsa, ndipo nditapempha nthawi yowonjezera komiti inandifunsa umboni.

Limbani: Za bungwe la antchitozo ndikukaika. Aganyu ambiri sakhala mamembala a mabungwe otere, mamembala amakhala olembedwa ntchito yokhazikika. Ndiye mndandanda wa mlembiyo ungakhale wa anthu olakwika. Ndipo ngakhale atakhala aganyu, amenewo ndi omwe anafika mpaka pokadandaula. Inu mukufuna kudziwa chifukwa chomwe anthu sanenera akavulala, koma mukukafunsa omwe ananena. Omwe anangomanga chala ndi kansalu n'kupitiriza ntchito simuwapeza pa mndandandawo.

A Chisale: A Limbani agunda pomwepo, ndipo supavaiza wabwino adzafunsa zimenezo. Ndiye zilowe m'kalata inu musanafunsidwe. Njira yake ndi yoti oyamba achokere ku bungwe, kenako aliyense wa iwo apereke nambala yanu kwa mnzake amene anavulala koma sananene. Mumve bwino: iwo apereke nambala yanu, osati inu mutenge manambala a anzawo. Wofuna adzakuimbirani yekha. Chimodzimodzi bungwelo lisakupatseni mndandanda wa mayina, lokha liwauze anthuwo za kafukufuku wanu. Komiti imayang'ana kwambiri pamenepo. Njirayi siithetsa vuto lonse, anzawo a anthu odandaula amafanana nawo maganizo, koma ndi malire omwe mutha kuwalemba poyera mu chaputala chachitatu n'kuwateteza.

Kondwani: Koma pa nambala ija sindinanama. Anthu 12 amakwana.

A Chisale: Kafukufukuyo alipo ndithu, anachitika pa macheza 60 ndi amayi a ku Ghana ndi Nigeria, ndipo mfundo zambiri zinali zitatuluka m'macheza 12 oyamba. Koma anthuwo anali ofanana kwambiri ndipo mafunso anali amodzimodzi. A Tiyamike adzakhala ndi magulu awiri, onena ndi osanena, mwinanso ochokera m'mafakitale osiyana. Sangalembe kuti 12 akwana chifukwa wina anapeza choncho. Alembe 15 mpaka 18, ndipo afotokoze kuti adzaona bwanji kuti mfundo zayamba kubwerezabwereza.

Tsopano kalata ija. A Tiyamike, iwerengeni ngati ndinu a Dokotala, muli ndi ophunzira khumi ndi maimelo ambirimbiri. Mwamva kuti pali "mavuto ambiri", koma simukudziwa kuti ndi maliro, matenda kapena deta yatayika. Mwamva kuti pali "maganizo ena", koma sanatchulidwe. Palibe tsiku ngakhale limodzi. Yankho lokhalo lomwe mungapereke ndi loti "bwerani tikambirane", ndipo sabata yapita. Kupepesa kulipo kawiri, pempho lenileni palibe. Pepesani kamodzi, pa chinthu chomwe munalakwitsadi, chomwe ndi kukhala chete kuyambira Epulo. Kukana kwa kampani si mlandu wanu. Yesani kuilembanso: chachitika n'chiyani ndi masiku ake, chafa n'chiyani, chatsala n'chiyani, inu mukuona kuti njira ndi iti, ndipo mukufuna iwo achite chiyani pofika liti.

Mayi Gondwe: Ine ndisiyana nanu pang'ono a Chisale. Nkhani yotere kwa munthu wamkulu siyambira pa imelo. Mwana wakhala chete miyezi iwiri, kenako akutumiza chikalata chokhala ndi ndondomeko yonse ngati wagamula kale? Ena amaona ngati mwawadumpha. Apite kaye akawaone pamaso, kapena aimbe, kalata ibwere pambuyo.

Nabanda: Mayi, kupita pamaso opanda pepala ndi komwe kunandipweteka ine. Umalowa mu ofesi mtima ukugunda, umayamba ndi kupepesa, misozi ili pafupi, ukutuluka wavomera zinthu zomwe sunaziganizire. Ndipo palibe cholembedwa.

Mayi Gondwe: Sindikukana kulemba. Ndikunena za chomwe chiyambe. Supavaiza wanga sankawerenga imelo yoposa ndime imodzi, koma ukamupeza pa khonde amakupatsa mphindi makumi awiri.

A Chisale: Zimatengera munthu, ndipo a Tiyamike ndi amene akuwadziwa a Dokotala awo. Chomwe sindingagonjere ndi chakuti pepala likhalepo lero, chifukwa tsiku lomwe munanena limadzawerengedwa mukadzapempha nthawi yowonjezera. Kaya alitumiza n'kuimba foni, kaya aimba n'kulitumiza madzulo, zonse zili bwino. Za kuoneka ngati wagamula kale, zimathetsedwa ndi kalembedwe: "ndikuganiza kuti", "ngati muvomereza".

Tiyamike: Ndayesanso. Onani.

"Mutu wa imelo: Kampani yakana chilolezo, pempho losintha malo ndi njira ya kafukufuku

A Dokotala,

Ndikulemba kukudziwitsani kuti kampani yomwe ndimayenera kuchitirako kafukufuku yakana kundilola, ndipo ndikupempha kuti mundivomereze kusintha malo, njira ndi mawu a mutu wa dizeteshoni.

Pempho langa ndinapereka pa 14 Malichi nditalandira chilolezo cha ethikisi. Ndinatsatira pa 2 Epulo, 23 Epulo ndi 9 Meyi. Bwana amene anavomera pakamwa mu Novembala anachoka, ndipo pa 27 Meyi kampani yakana polemba. Imelo yawo ndaiphatikiza. Ndinayenera kukudziwitsani mu Epulo pomwe zinayamba kuchedwa, ndipo ndikupepesa kuti sindinatero.

Chifukwa cha izi, cholinga chachitatu ndi kuonerera m'fakitale sizingatheke. Cholinga choyamba ndi chachiwiri zikutheka, ndipo chaputala chachiwiri chikhala mmene chilili kupatula ndime zofotokoza kampaniyo.

Ndikuganiza zocheza ndi anthu 15 mpaka 18 omwe anagwirapo ganyu m'mafakitale opanga zinthu m'zaka zitatu zapitazi ndipo anavulalapo, osati a kampani imodzi. Oyamba ndiwapeza kudzera ku bungwe la antchito, enawo kudzera mwa anzawo. Palibe kampani yomwe idzatchulidwe. Mutu ungakhale: Zomwe anthu omwe anagwirapo ganyu m'mafakitale anakumana nazo pofuna kunena za kuvulala pa ntchito. Ndikudziwa kuti anthu ochokera ku bungwe ndi omwe anadandaulapo, komanso kuti adzakhala akukumbukira zakale popanda buku la ngozi loti ndiyerekeze nalo.

Ndikupempha kuti tikumane pasanafike pa 10 Juni, kuti ngati muvomereza ndipereke pempho losintha ku komiti ya ethikisi sabata yomweyo. Ndaphatikiza ndondomeko ya masabata kufikira pa 31 Okutobala."

Limbani: Iyi ndi kalata tsopano. Koma bungwelo lavomera? Mwalemba ngati zatheka kale.

Tiyamike: Sindinawafunse. Ndikungodalira kuti mlembi uja anandilandira bwino.

Nabanda: Mchemwali, bwana wa ku fakitale uja nayenso anakulandirani bwino mu Novembala.

Tiyamike: Zoona. Ndiye ndidikire kaye bungwe liyankhe ndisanatumize?

A Chisale: Ayi, musadikirenso munthu. Mlembiyo muimbireni lero, mumufunse zinthu ziwiri: ngati bungwe lingakupatseni kalata yosainidwa yoti likuthandizani, ndipo amene amasaina ndani, iye kapena komiti yawo. Mufunsenso kuti mwa anthu omwe anadandaula, aganyu ndi angati. Chomwe ayankhe, lembani m'kalata mmene chilili. "Ndalankhula ndi mlembi pa 3 Juni, wavomera pakamwa, kalata sinatuluke." Supavaiza aone kusiyana kwa chomwe muli nacho m'manja ndi chomwe mukuyembekezera. Komiti ya ethikisi idzafuna kalata imeneyo, pakamwa siilandira.

Chachiwiri chomwe chikusowa ndi njira yachiwiri. Ikani ndime imodzi yokha: bungwe likapanda kupereka kalata pofika tsiku lakuti, mudzachita chiyani? Pa mutu ngati wanu, mutha kusanthula zolembedwa zomwe zili poyera, monga zigamulo za makhothi pa milandu ya antchito ovulala ndi malamulo a chipukuta misozi. Simusowa chilolezo cha kampani, ndipo makomiti ambiri amafulumira pa kafukufuku wopanda anthu ofunsidwa, ngakhale muyenerabe kuwadziwitsa. Koma musailembe musanayang'ane ngati zigamulozo zilipo zokwanira. Khalani madzulo amodzi, muwerenge zomwe mwapeza, mulembe nambala yeniyeni.

Kondwani: Apa ndiye nditsutse. Mukam'patsa supavaiza njira ziwiri, asankha yosavuta kwa iye, ya mapepala ija, chifukwa ilibe chiopsezo. Ndiye Tiyamike amaliza ndi kafukufuku amene sankamufuna. Zigamulo za khothi zikuuzani za anthu omwe anafika ku khothi. Waganyu womanga chala ndi kansalu uja mulibemo.

A Chisale: Apa muli ndi mfundo, a Kondwani. Njira ya mapepala siyankha cholinga chachiwiri, imasintha funso lenilenilo, ndipo pamenepo ndiye tinganene kuti mutu wasinthadi. N'chifukwa chake aitchule kuti ndi yothawirako, n'kulemba poyera chomwe chingatayike akaitenga. Komabe ine wophunzira akabwera ndi njira imodzi yodalira mwini khomo m'modzi, atangokanidwa ndi mwini khomo wina, sindingasaine.

Mayi Gondwe: Ndipo supavaiza akasankha ya mapepalayo, mwina akuona chomwe ife sitikuona. Masabata atatu a zilolezo aja ndi ochepa kwambiri.

Limbani: Funso lomwe palibe wafunsa: supavaiza ali ndi mphamvu yovomereza yekha? Kwathu mutu ukadutsa pa propozo umalembedwa ku ofesi ya maphunziro apamwamba, ndipo kusintha ngakhale mawu ochepa pamafunika fomu yosainidwa ndi supavaiza ndi mkulu wa dipatimenti. Mnzanga wina anapereka dizeteshoni yokhala ndi mutu wosiyana ndi womwe unali m'mabuku awo, inabwezedwa isanapite kwa oyesa. Onani buku la malamulo a masitazi la sukulu yanu, ndipo m'kalatamo mufunse ngati kusinthaku kukufuna kuteteza propozo kachiwiri.

A Chisale: Ndithu. Ndipo mufunse ofesi ya komiti ya ethikisi kuti pempho losintha limadikira msonkhano wa komiti yonse kapena wapampando amatha kuliona yekha. Kusinthaku si kwakung'ono: anthu ndi ena, njira yowapezera ndi ina, fomu yachilolezo ndi pepala lofotokoza kafukufuku zikutchula kampani ndiye ziyenera kulembedwanso, ndipo mafunso omwe akuti "mukavulala mumatani" asanduke "mutavulala munatani". Komiti ina idzati ndi kusintha chabe, ina idzati lembani pempho latsopano. Likakhala latsopano, Okutobala wathawa, ndipo ndi bwino kalata yanu inene kuti zikatero mudzapempha nthawi yowonjezera.

Tiyamike: Pali china chomwe sindinanene. Mu Epulo, ndikudikira kampani, ndinacheza ndi anthu atatu omwe akugwira ganyu pa fakitale yomweyo. Ndinawapeza kudzera mwa msuweni wanga. Ndinkayesa mafunso. Anasaina fomu, ndinajambula mawu, ali mu foni. Mmodzi anandionetsa chipsera chapadzanja, anafotokoza kuti makina atamupsereza kapitawo anamuuza akatsuke pa mpopi abwerere pa mzere, ndipo iye sanalimbikire zopita ku chipatala chifukwa mayina a oti abwere mawa amawerengedwa madzulo omwewo. Macheza amenewa ndi omwe akundipangitsa kuti ndisafune kuutaya mutuwu, ngakhale ndinalemba za mafoni zija. Ndiwatchule m'kalata?

Kondwani: Anasaina, chilolezo cha ethikisi munali nacho kale. Ndi deta yanu imeneyo. Atatu pa 15 mwapeza kale.

A Chisale: Tsegulani kalata yomwe komiti inakupatsani pa 11 Malichi. Kodi muli mawu oti muyambe kutolera deta pokhapokha mutalandira chilolezo cha malo?

Tiyamike: Alimo. Ndime yachiwiri.

A Chisale: Ndiye muwatchule, mosabisa komanso mosadziimba mlandu wopitirira. Chiganizo chimodzi kapena ziwiri: pa masiku akuti ndinachita macheza atatu oyesera mafunso ndi antchito a pa kampaniyo chilolezo cha malo chisanatuluke, sindinawagwiritse ntchito, ndikupempha malangizo anu. Kenako muwachotse mu foni lero, muwasunge pamalo otsekedwa ndi pasiwedi monga munalonjezera mu propozo, ndipo msuweni uja asauze munthu mayina awo. Anthu atatuwo akadali pa ntchito pa kampani yomwe yakukanani, ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu pa nkhani yonseyi. Ngati angalowe mu dizeteshoni, sindingakulonjezeni. Ndaonapo komiti ikulola munthu abwerere kwa ofunsidwawo ndi fomu yatsopano, ndaonaponso ikulamula kuti zifufutidwe.

Nabanda: Ine ndikanati zimenezo akanene pamaso, osati mu imelo. Cholembedwa chimayenda, chikafika ku komiti chisanafotokozedwe bwino chingaoneke choipa kuposa mmene chilili.

Mayi Gondwe: Apa ndili ndi a Nabanda.

A Chisale: Ndikumvetsa manthawo. Koma chikadzatulukira mu Seputembala, kalata ya mu Juni itafotokoza zonse kupatula chimenechi, chidzaoneka ngati chinabisidwa. Mwina pakatikati ndi apa: alembe kuti pali nkhani ya macheza atatu oyesera yomwe akufuna malangizo pa msonkhano, tsatanetsatane akanene pamaso.

Tiyamike: Ndatenga ya pakatikatiyo. Mlembi wa bungwe ndamuimbira. Akuti iye alibe vuto koma kalata amasaina wapampando, ndipo komiti yawo ikumana pa 14 Juni. Pa anthu omwe anadandaula chaka chatha ndi chino, akuti aganyu omwe akuwakumbukira ndi 6 kapena 7 basi, enawo ndi okhazikika. A Limbani munanena zoona. Ndalemba choncho m'kalata, ndaika pa 21 Juni ngati tsiku lothawira ku njira ya mapepala, ndipo ndalemba kuti zigamulo ndikuziwerenga usiku uno, nambala ndibwera nayo ku msonkhano. Ndatumiza, kenako ndawalembera uthenga wa pafoni kuti aone imelo.

Limbani: Anthu 6 kapena 7 ndi poyambira, osati pothera. Aliyense akabweretsa mnzake mmodzi mufika pa 12 kapena 14, koma ena manambala awo adzakhala anasintha. Pezaninso khomo lachitatu, mwina bungwe lothandiza anthu pa milandu mwaulere.

Tiyamike: A Dokotala ayankha. Akuti tikumane pa 6 Juni m'mawa, ndibwere ndi kalata ya ethikisi, imelo ya kampani ndi mafunso okonzedwanso. Akuti njira ya bungwe aikonda koma akukaika ngati anthu akwane, ndipo afunsa ngati ndingalole kuphatikiza antchito okhazikika kuti ndiyerekeze magulu awiriwo. Za macheza atatu aja angoti ndisawakhudze mpaka tikumane. Kuphatikiza okhazikikako sindikudziwa ngati ndikufuna, chifukwa chaputala chachiwiri chonse chaima pa mfundo yoti waganyu amaopa kusaitanidwa mawa, ndipo wokhazikika alibe mantha amenewo.

A Chisale: Kusiyana kumeneko ndi komwe iwo akufuna muonetse. Koma magulu awiri amafuna anthu ochuluka pa gulu lililonse, ndipo maola 75 aja akwera. Werenganinso masabata ndi anthu 20 musanapite pa 6, muone ngati akukwana.